Masiku a apilo amayamba liti? Kawerengedwe kake ndi kalembedwe kake m'kalata

Pa ntchito yanga ya uloya, munthu akabwera ndi kalata yochokera ku ofesi ya boma yomukaniza chinachake, sindiyamba ndi kumva nkhani yake yonse. Ndimayamba ndafunsa kuti, "Kalatayi inakupezani tsiku liti?" Ambiri amadabwa, ena amafika pokhumudwa, chifukwa iwo abwera kudzafotokoza momwe alakwiridwa. Koma apilo yochedwa kawirikawiri imakanidwa akuluakulu asanawerenge n'komwe mfundo zake.

Titenge chitsanzo cha mayi amene walandidwa chiphaso chochitira bizinesi. Kalata yomudziwitsa ili ndi deti la 3 Malichi, koma yamupeza pa 11 Malichi. Tiyerekeze kuti lamulo lokhudza ziphasozo likuti apilo ikaperekedwe pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku limene munthuyo wadziwitsidwa. M'malamulo ambiri, tsiku lolandira kalatalo siliwerengedwa. Ndiye kuti 12 Malichi ndi tsiku loyamba, 31 Malichi ndi tsiku la 20, ndipo tsiku la 30 ndi 10 Epulo. Koma lamulolo likadakhala kuti likunena "kuchokera tsiku la chigamulo", tikadayambira pa 4 Malichi n'kuthera pa 2 Epulo. Mayiyu akadataya masiku asanu ndi atatu kalata ili m'njira. N'chifukwa chake ndimafuna kuona mawu enieni a gawo la lamulolo. Zomwe wanena kalaliki pawindo, kapena mnzanu amene anadutsamo kale, sizikwanira.

Kamodzikamodzi ndimaona munthu atawerenga masiku 30 ngati mwezi umodzi. Si zofanana ayi. Kwa mayi uja, mwezi umodzi ukadathera pa 11 Epulo, pomwe masiku 30 akuthera pa 10. Palinso malamulo onena za masiku ogwira ntchito okha, amene sawerengera Loweruka, Lamulungu ndi tchuthi. Ena amawerenga masiku onse, kungoti tsiku lomaliza likagwera patchuthi amalisunthira ku tsiku lotsatira logwira ntchito. Ngati mawuwo angamveke pawiri, ine ndimatenga deti lofulumiralo n'kulemba lomwelo pakalendala.

Tsopano, kodi zonsezi zilembedwe bwanji mu apilo? Anthu ambiri amangolemba kuti, "Ndikupanga apiloyi m'nthawi yake." Chiganizo chotere sichiuza woweruza kalikonse, chimangomusiyira ntchito yoti awerenge yekha, ndipo iye adzayambira pa deti lomwe akuliona pamwamba pa kalata, 3 Malichi. Mayi uja akapereka apilo pa 8 Epulo, woweruza angaganize kuti wachedwa ndi masiku asanu ndi limodzi, chikhalirecho ali mkati mwa nthawi. Ndime yoyambirira iyenera kumveka motere:

"Ndikupanga apilo pa chigamulo cholanda chiphaso changa, chomwe chili m'kalata yanu ya pa 3 Malichi. Kalatayo ndinailandira pa 11 Malichi, monga mmene envulopu yomwe ndaphatikizayi ikuonetsera. Lamulo likundipatsa masiku 30 kuchokera tsiku lodziwitsidwa, ndipo masikuwo akutha pa 10 Epulo. Apiloyi ndikuipereka lero pa 8 Epulo."

Pamenepo muonjezere nambala ya kalatayo, dzina la lamulo ndi gawo lake monga momwe zalembedwera. Ngati gawolo simunaliwerenge ndi maso anu, musalitchule mongoganizira, chifukwa kutchula gawo lolakwika kumapatsa mbali inayo poyambira kukutsutsani.

Envulopu ija musataye. Anthu amaing'amba n'kuiponya m'bini, osadziwa kuti chidindo cha positi chomwe chili pamenepo ndi umboni wawo. Ngati kalata anakupatsirani pamanja n'kukusainitsani m'buku, lembani deti pambali pa siginecha yanu, ndipo mujambule tsambalo ngati akulolani. Ngati inabwera pa imelo, sungani uthengawo wonse. Malamulo ena amati kalata yotumizidwa papositi imatengedwa kuti yafika pakatha masiku akutiakuti, kaya mwaiona kaya ayi, choncho kukhala masabata osapita kukatsegula bokosi sikuimitsa nthawi.

Popereka napo pali msampha. Malamulo ambiri amafuna kuti apilo ifike ku ofesi yoyenera tsiku lomaliza lisanadutse, osati kungoti munaitumiza tsikulo. Mukamakapereka pamanja, tengani makope awiri, ndipo yanuyo aidinde n'kulembapo deti.

Chimene chimapweteka anthu kwambiri, mwa zomwe ndaona, ndi kalata yodandaula. Mayi uja akhoza kulembera mkulu wa ofesi ija kumupempha kuti aganizirenso. Akumuuza kuti, "Tikuionabe nkhani yanu, mubwere sabata yamawa." Iye akudikira mtima uli m'malo, masiku akupita. Kodi kalata yodandaulayo imaimitsa nthawi? Zimatengera dziko ndi lamulo lake. Ku Falansa munthu amakhala ndi miyezi iwiri yopitira kukhoti loona za boma, ndipo akalembera ofesiyo mkati mwa miyezi iwiriyo kupempha kuti isinthe maganizo, nthawiyo kawirikawiri imayambiranso ofesi ikayankha. Ku Mangalande sizili choncho. Wofuna kuti khoti liunike chigamulo cha boma ayenera kupita mwachangu, ndipo asapitirire miyezi itatu kuchokera pomwe chifukwa chodandaulira chinayambira. Kulemberana makalata pakokha sikuonjezera tsiku ngakhale limodzi, komanso mbali ziwirizo sizingagwirizane zokha zotalikitsa nthawiyo. Tamvetsani mawu akuti "mwachangu": khoti likhoza kukana munthu amene wafika miyezi itatu isanathe ngati linaona kuti anazengereza popanda chifukwa.

Choncho mukamalemba kalata yodandaula, onjezerani kuti mukudziwa tsiku lomwe nthawi ya apilo ikuthera ndiponso kuti mudzapereka apilo tsikulo lisanafike ngati simuyankhidwa. Tsikulo likamayandikira, perekanidi. Apilo itha kuchotsedwa ofesi ikasintha maganizo. Lonjezo la pakamwa loti "musadandaule za masiku" silimangirira bwalo lomva apilo, makamaka pamene nthawiyo inaikidwa ndi lamulo lomwe ofesalayo alibe mphamvu yolisintha.

Nanga ngati kalata ya boma sinanene chilichonse za apilo? Maiko ena amaika udindowu pa ofesi yolemba kalatayo. Ku Jeremani nthawi yotsutsira chigamulo chotere nthawi zambiri ndi mwezi umodzi, koma ngati kalata sinafotokoze komwe munthu angapite ndi nthawi yake, kapena inafotokoza molakwika, nthawiyo imakhala chaka chimodzi. Koma si kulikonse komwe kuli chitetezo chotere. Kwina kalata ikhoza kukhala chete, nthawi n'kumayenda ndithu. Ngati kalata yanu ilibe mawu amenewa, kapena yatchula masiku osiyana ndi a m'lamulo, nenani zimenezo mu apilo, muphatikize fotokope yake, koma muwerenge masiku anu potsatira nthawi yaifupiyo.

Amene wachedwa kale asabise, popeza madeti amaoneka okha pamapepala. Ngati lamulo likulola kuonjezera nthawi, apemphe poyera pamodzi ndi apiloyo: anene kuti wachedwa ndi masiku angati, afotokoze chomwe chinachitika m'masiku onsewo, ndipo apereke umboni, monga chikalata cha kuchipatala choonetsa tsiku lomwe anagonekedwa ndi lomwe anatulutsidwa. Ngati anatuluka m'chipatala pa 15 Epulo koma apilo waibweretsa pa 29, woweruza adzafunsa za masabata awiri apakatiwo, ndipo pempholo liyenera kukhala litayankha kale funso limenelo.