Imelo yoyamba kwa mphunzitsi wakunja amene mukufuna kuti ayang'anire kafukufuku wanu

Amene akufuna digiri ya kafukufuku kunja, makamaka ya udokotala wa maphunziro, nthawi zambiri amayenera kupeza kaye mphunzitsi womuyang'anira. Thandizo la ndalama za maphunziro la Commonwealth la ku Britain ndi la DAAD la ku Germany kawirikawiri limafuna kalata yochokera kwa mphunzitsi wovomera kuyang'anira kafukufukuyo, choncho zonse zimayambira pa imelo imodzi yopita kwa munthu amene sanakumvenipo.

Maimelo ambiri amene ophunzira amandionetsa asanatumize amagwa pa chinthu chimodzi: amafotokoza za wolembayo ndi mavuto ake, koma sanena chifukwa chimene wasankhira mphunzitsi ameneyo pakati pa anzake onse. Kwathu kuno ndi ulemu kuyamba ndi malonje, ndipo sindikunyoza mwambowu, koma wolandira imelo yanu amaiwerenga mothamanga, mwina pafoni, ndipo akapanda kupeza nkhani m'mizere yoyambirira amangoidutsa.

Tiyerekeze kuti ndinu mlangizi wa zaulimi ku Bembeke m'boma la Dedza, muli ndi digiri yachiwiri ya ku Bunda, ndipo mwakhala mukuona chiwawu chikuwononga mbatata ya kachewere nthawi ya dzinja. Mukalemba kuti mukufuna kufufuza za matenda a mbewu m'Malawi, simunanene kanthu, chifukwa mutu umenewo ndi waukulu kuposa zaka zitatu kapena zinayi za maphunziro. Funso lanu liyenera kupanikizika mpaka lioneke malire ake. Mwachitsanzo, alimi amene mumawayendera amapopera mankhwala sabata ndi sabata kapena akaona masamba ayamba kale kupsa, pamene matendawa amafala kukakhala chinyontho chambiri ndi kuzizirira. Kodi kupopera potsatira chinyontho choyezedwa m'munda kungachepetse maulendo opopera popanda kutsitsa zokolola? Mukawonjezera kuti mukuganiza zoyesa zimenezi m'minda 30 ya ku Bembeke ndi ku Tsangano kwa nyengo ziwiri za mvula, mphunzitsi amaona nthawi yomweyo kukula kwa ntchitoyo, mtengo wake, ndiponso ngati ingatheke.

Tsono funsolo lilumikizidwe ndi ntchito ya mphunzitsiyo. Werengani zolemba zake ziwiri kapena zitatu za posachedwapa, musankhe imodzi, mutchule chimene anapeza, kenako munene pamene kafukufuku wanu akupitirizira. Ngati iye anayesa njira yolosera chiwawu m'minda ikuluikulu ya ku Ulaya, inu munene kuti mukufuna kuona ngati ingagwire m'minda ing'onoing'ono ya kumapiri, kumene alimi amabzala mbewu yosunga okha ndipo amapopera ndi sipuleya ya kumsana. Mawu oti "ndimakonda kwambiri kafukufuku wanu" opanda chitsanzo amaulula kuti imeloyo yapita kwa anthu makumi awiri. Apa ndi pamene mlangizi wa kumudzi amaposera ophunzira a kunjako, popeza iye amawadziwa alimi, amalankhula chinenero chawo, ndipo amadziwa kuti msewu wopita ku minda ina suyendeka mu Febuluwale.

Zotsalazo ndi zachidule. Mutu wa imelo unene digiri, nkhani ndi chaka choyambira, motere:

```
PhD enquiry: potato late blight in Malawi, October 2027 start
```

Moni wake ndi `Dear Dr` kapena `Dear Professor` kutsatana ndi dzina la bambo, osati dzina loyamba, ndipo udindo wolondola muupeze pa tsamba la yunivesite yake, chifukwa ku Britain si mphunzitsi aliyense amene ali pulofesa. Za inuyo zikwane m'ziganizo ziwiri: digiri yanu, kumene munaipeza, ndi ntchito imene mukugwira. Nkhani ya ndalama musaibise ndiponso musaipemphe ngati chifundo. Tchulani thandizo limene mukufunsira ndi tsiku lake lotsekera. Imelo yonse isapitirire mawu 300, ndipo muphatikizepo mbiri yanu ya maphunziro ndi ntchito pamodzi ndi tsamba limodzi la ganizo la kafukufuku, zonse mu PDF. Zithunzi za masatifiketi zojambula pafoni zidikire mpaka atazipempha. Potseka funsani funso loyankhika: kodi akulandira ophunzira atsopano chaka chimenecho, ndipo angalole kukambirana kwa mphindi 20?

Lembani kudakali miyezi itatu kapena inayi tsiku lotsekera lisanafike, chifukwa mphunzitsi wovomera amafuna kukonza nanu ganizolo asanalembe kalata yake. Musalembere aphunzitsi angapo a dipatimenti imodzi tsiku limodzi, popeza amauzana. Yankho lodzaza ndi mafunso ovuta lisakuopseni, ndilo losonyeza kuti munthu wawerenga; lozizira ndi longokutumizani ku fomu ya yunivesite. Pakatha masabata awiri kuli zii, kumbutsani kamodzi m'mizere iwiri pansi pa imelo yoyamba ija, ndipo pakadutsanso masabata ena awiri lemberani mphunzitsi wina, mutalembanso mwatsopano ndime yolumikiza funso lanu ndi ntchito yake.