Miyendo itatu ya pa chitsime: mwendo uliwonse ukusenza zingati?

Mukamazungulira kuno ku Lilongwe, kaya ku Eriya 25 kaya ku Chinsapo, mumaona anthu okumba zitsime atayimika mapaipi atatu omangidwa pamwamba, apachikapo tcheni buloko, akutsitsira mphete za konkire m'dzenje. Ndiye ambiri amangoti katundu wa tani imodzi ndi kugawa patatu basi zatha. Ayi ndithu abale, miyendoyo ndi yopendekeka komanso siyitalika mofanana, ndiye imasenza zoposa pamenepo.

Ife mainjiniya tili ndi kanjira kotchedwa tenishoni kowefishenti, kamene kamatipulumutsa ku ma engo, poti kusaka engo ya paipi yopendekera uku ndi uku nthawi imodzi ndi mutu weniweni. Kowefishenti ndi mphamvu ya m'mwendo kugawa ndi kutalika kwa mwendowo, t = T/L. Ukachulukitsa t ndi mtunda umene mwendo wayenda mbali ina yake, wapeza mphamvu yolozera mbali imeneyo, ndiye chida chako ndi tepi basi.

Tiyeni tiyese. Nsonga D, pamene mapaipi atatuwo akumana, ili mamita 4 pamwamba pa pakati pa dzenje. Tinene kuti x ndi kummawa, y kumpoto, z kumwamba. Phazi A lili mamita 3 kumpoto, phazi B mamita 4 kummawa ndi 2 kummwera, phazi C mamita 4 kumadzulo ndi 2 kummwera. Pamenepa mwendo A ndi mamita 5, B ndi C mamita 6 uliwonse. Katundu ndi 10 kN, ingoti tani imodzi. Pa nsongapo palibe chikusuntha ndiye mphamvu za mbali iliyonse zikaphatikizidwa zipereke ziro, tA ndi t wa mwendo A, chimodzimodzi tB ndi tC, ndipo mtunda timawerenga kuchokera pa D kupita ku phazi:

```
x:  0tA + 4tB - 4tC      = 0
y:  3tA - 2tB - 2tC      = 0
z: -4tA - 4tB - 4tC - 10 = 0
```

Mzere woyamba ukuti tB ndi tC ndi ofanana. Wachiwiri ukuti 3tA = 4tB. Mukalowetsa zimenezi mu wachitatu mupeza tB = tC = -0.75, tA = -1. Tsopano chulukitsani ndi kutalika, apa ndi pamene anthu amaiwala nkumatenga t ngati yankho: mwendo A ndi -5 kN, B ndi C -4.5 kN uliwonse. Mainasiyo musaope, njirayi imayamba ngati mwendo uliwonse ukukokedwa, ndiye mainasi akungotiuza kuti ukupanikizidwa. Zonse pamodzi ndi 14 kN pomwe katundu ndi 10 yekha, ndipo waufupi uja ndi amene wasenza kwambiri. Kuti mudziwe ngati simunaphonye, chulukitsani t aliyense ndi 4 wa kumwamba uja, mupeza 4, 3 ndi 3, ndiye 10 wathu wakwana.

Nanga zowonjezerazo zachokera kuti? Miyendo ikukankhira mapazi kunja. Phazi A lokha likukankhidwa ndi 1 kuchulukitsa 3, ndiye 3 kN, ngati matumba 6 a simenti akulikoka cham'mbali, ndiye pa katondo wonyowa wa mu Januwale phazi longoikidwa pamwamba limatereratu. Mangani mapazi atatuwo ndi tcheni kapena muwakumbire.

Koma chimene chimandiopsa ine ndi kukoka cham'mbali. Mu mzere wa y muja onjezani -5, kutanthauza kuti chinachake chikukokera nsonga kummwera ndi 5 kN, kutali ndi phazi A. Mukawerenganso tB ndi tC akhala -1.25, tA wasanduka ziro. Mwendo A sukusenzanso kanthu, kungoonjeza pang'ono t wake akhala pulasi, kutanthauza kuti ukufuna kukokedwa, koma phazi longokhala pa dothi silingagwire pansi, limanyamuka, chonsecho nkugwera mbali ya B ndi C. Ndipo 5 kN si yovuta kufika, munthu akadutsitsa chingwe pa pule nkuchimangirira ku galimoto yoima patali, chingwecho chimakoka cham'mbali ndi mphamvu yoyandikira kulemera kwa katundu yemweyo. Mukakokera kumpoto ndi 5 kN yomweyo sichigwa, koma mwendo A ulumpha kuchoka pa 5 kufika 10 kN.

Dziwaninso kuti masamuwa akutenga ngati katundu wapachikidwa pa nsonga penipeni ndipo kulemera kwa mapaipi sitinawerengere. Mukapachika tcheni buloko pakati pa mwendo, paipiyo ikupindidwa ndipo njirayi siyikugwiranso. Komanso imangokuuzani mphamvu, siyikuuzani ngati paipi yanu ipirira. Paipi yayitali yowonda ikapanikizidwa simaphwanyika, imangopindika ngati uta mwadzidzidzi, ndipo mukawirikiza kutalika kwake kawiri katundu amene ingasenze isanapindike amatsika kanayi, ndiye pa miyendo yathuyi ine ndingayambe kukayikira ya mamita 6 ija ngakhale ikusenza zochepa kuposa A.