Sikirinishoti yodulidwa: funsani zimene zatsala kunja

Mayi wina wa ku Chinamwali anabwera kudzandionetsa sikirinishoti imene inatsala pang'ono kupasula banki mkhonde yawo. Inali ya pa WhatsApp, mauthenga awiri okha. Wakumanja unkati, "Ndalama zija mwatenga?" Wakumanzere unayankha kuti, "Eya, ndatenga, koma musauze anthu." Pamwamba panali dzina loti Msungichuma. Sabata imeneyo m'bokosi la gulu munali mutasowa K150,000, ndiye anthu anangoti wakuba wapezeka.

Pa ntchito yanga yotsimikiza nkhani zisanafalitsidwe, ndimayamba ndi funso la tsiku. Ndinafunsa kuti, "Mayi, zimenezi zinalembedwa liti?" Anandilozera pamene panalembedwa 14:20. Imeneyo ndi nthawi chabe. WhatsApp imaika ola pa uthenga uliwonse, koma tsiku limakhala pa kachikwangwani kapadera pamwamba pa mauthenga a tsikulo, ndipo wodula chithunzi akachotsa kameneko, zokambirana za miyezi iwiri yapitayo zimaoneka ngati za dzulo. Ngakhale mawu oti Today asakunamizeni: akunena za tsiku limene chithunzi chinajambulidwa, osati limene mwachilandira.

Dzina lapamwamba nalonso si umboni. Pa macheza a anthu awiri, dzinalo ndi limene mwini foni anasunga yekha, moti nambala ya mlamu wake akhoza kuitchula Msungichuma. Funsani nambala yeniyeniyo.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu ngati "zija". Mawu amenewa amaloza chinthu chimene awiriwo anakambirana kale, ndipo chinthucho chili kunja kwa chithunzi. Owerenga amadzaza mpatawo ndi zimene zili kale mumtima mwawo. Anthu amene ataya K150,000 akaona "ndalama zija", saganizanso za ndalama zina.

Tinapempha mwini foni, amene mauthenga ake ndi akumanja aja, kuti atsegule machezawo tikuona, n'kukwera m'mwamba. Zinapezeka kuti zinalembedwa kale bokosi lisanasowe kanthu. Ndalamazo zinali K20,000 zimene mwini foniyo anatumizira msungichuma kuti ayendere popita ku chipatala, ndipo msungichumayo sankafuna kuti matenda ake adziwike. Chithunzicho anadula ndi munthu wachitatu, amene anachilandira chathunthu.

Dziwaninso kuti kuona foni imodzi sikokwanira nthawi zonse. Munthu akafufuta uthenga ndi Delete for everyone, pamatsala chizindikiro choti pafufutidwa kanthu. Akasankha Delete for me, sipatsala kalikonse pa foni yake, moti yankho la funso lina limaoneka ngati la funso limene latsalapo. Pakatero muyenera kuika mafoni onse awiri pamodzi, chifukwa uthenga wofufutidwa mwanjira imeneyi umakhalabe pa foni ya mnzakeyo.

Ndalama za gulu zija sizinapezeke tsiku limenelo, ndipo msungichumayo anayeretsedwa pa mlanduwo, koma matenda ake anali atadziwika kale ndi gulu lonse.