Chidziwitso chozimitsa sisitimu: nthawi ya kuno ndi ya ku London

Banki ikafuna kuzimitsa sisitimu yake kuti ikonze makina, chidziwitso chake chiyenera kunena nthawi yoyambira, nthawi yomaliza, ndi kutalika kwa ntchito yonseyo. Ngati ili ndi makasitomala kunja, nthawi ya kwawoko ilembedwenso, ndipo apa ndi pamene zinthu zimasokonekera kawirikawiri.

Tiyerekeze kuti banki ya kuno ku Blantyre izimitsa sisitimu Lamulungu pa 15 Juni 2025, kuyambira 00:30 mpaka 05:00. Awa ndi maola anayi ndi theka. Mwezi wa Juni nthawi ya ku London imatsalira ola limodzi m'mbuyo mwa yathu, choncho kumeneko ntchito iyamba 23:30 Loweruka pa 14 Juni, n'kutha 04:00 Lamulungu pa 15 Juni. Taonani kuti tsiku loyambira lasintha. Mukangolemba "Lamulungu" pamwamba n'kundandalika maola okha, m'bale wathu wa ku London amene amati atumize ndalama Loweruka usiku aganiza kuti akadali ndi tsiku lathunthu, koma apeza zonse zitatseka. Nthawi iliyonse ilembedwe ndi tsiku ndi deti yakeyake.

Musalembenso "12 koloko usiku Lamulungu", chifukwa wina amva usiku wochoka Loweruka, wina usiku wopita Lolemba. Lembani 00:30 kapena 23:30, palibe angatsutse.

Chosautsa kwambiri ndi chakuti kusiyana kwa maola kumeneku sikukhala kumodzimodzi chaka chonse. Wotchi ya ku Malawi siisuntha, imakhala maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi imene mayiko onse amayezerapo mawotchi awo. Ya ku London imakankhidwira kutsogolo ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi, n'kubwezedwa Lamulungu lomaliza la Okutobala. Kuyambira pamenepo mpaka Malichi timasiyana maola awiri. Amene amangokopera chidziwitso cha Juni n'kusintha deti yokha mu Disembala amanamiza anthu ndi ola lathunthu.

Nanga ntchito yomweyi ikagwera usiku wobweza wotchiwo, pa 26 Okutobala 2025? Kuno ndi 00:30 mpaka 05:00 monga kale. Ku London iyamba 23:30 Loweruka, koma ikamakwana 02:00 wotchi yawo ibwerera pa 01:00, ndiye ntchito itha 03:00. Wowerengera pa wotchi ya kumeneko apeza maola atatu ndi theka, pomwe sisitimu yakhala yozimitsidwa maola anayi ndi theka. N'chifukwa chake kutalika kwa ntchito kumalembedwa pakokha, ndipo kumawerengedwa pa wotchi yosasuntha, yathu kapena UTC.

Musanatulutse chidziwitso, chotsani nthawi yoyambira pa yomaliza m'mizere yonse iwiri, wa kuno ndi wa ku London. Mayankho akasiyana pomwe si usiku wosintha wotchi, mzere umodzi ndi wolakwika. Ndipo 05:00 ikhale nthawi imene kasitomala angatumizedi ndalama, kuyesa konse kutatha, osati nthawi yongoyatsa makina.