Komiti ya sukulu si bwalo la milandu

Pafupifupi pa msonkhano uliwonse umene ndimachita ndi makomiti a sukulu ngati mlangizi wa zoni kuno ku Thyolo, pamapezeka wina woimirira n'kunena kuti, "Sukuluyi ndi yathu, njerwa tinaumba tokha, choncho nkhani zake zizithera konkuno." Njerwa munaumbadi, ndipo muli ndi ufulu wofunsa mmene ndalama za chitukuko zayendera, kuona ngati aphunzitsi akufika pa nthawi yake ndiponso kulondola ana ojomba. Koma mphunzitsi wa boma komiti simulemba ntchito, simuchotsa, ndipo mlandu wogwiririra mwana suli m'manja mwake ngakhale pang'ono.

Pali nkhani ina imene imandisowetsabe mtendere. Mtsikana wa zaka 14, wa Sitandade 7, anaulula Lachiwiri kwa mayi wina wa gulu la amayi kuti dzulo lake mphunzitsi anamugwiririra atamutuma kukasiya makope kunyumba kwake. Mayiyo anauza wapampando wa komiti tsiku lomwelo. Wapampando, poopa kuipitsa mbiri ya sukulu, anaitanitsa komiti Loweruka, chifukwa masiku enawo mamembala ambiri amakhala akuthyola tiyi. Kuchoka apo nkhani inapita kwa amfumu, kumene mphunzitsi anapepesa n'kulipira mbuzi.

Tawerengani masikuwo. Mankhwala oteteza munthu wogwiriridwa kuti asatenge kachilombo ka HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa kwa masiku 28. Kwa mwana uyu nthawiyo inatha Lachinayi, komiti isanakhale n'komwe pansi. Mankhwala oletsa mimba mwadzidzidzi nawonso amafuna masiku oyambirira omwewo, monganso umboni umene achipatala amalemba. Ine ndinamva patapita milungu isanu.

Chimene chinafunika n'chakuti mayi uja, pamodzi ndi kholo, apite naye mwanayo kuchipatala Lachiwiri lomwelo, kenako kupolisi ku nthambi yothandiza ozunzidwa, popanda kudikira kuti komiti ikwane kapena kuti amfumu aloleze. Mphunzitsi wamkulu amayenera kudziwitsa mlangizi ndi ofesi ya maphunziro ya boma, pakuti njira yomuimitsira mphunzitsi ntchito imayambira kumeneko. Mphunzitsi wamkuluyo akamazengereza, kapena ngati woganiziridwayo ali iye mwini, mudumpheni. Nambala ya foni ya 116, yothandiza ana ozunzidwa, ndi yaulere.

Komiti ntchito yake ilipo ndithu: kulemba tsiku ndi mawu a mwanayo monga anawanenera, kusunga chinsinsi cha dzina lake, ndi kuonetsetsa kuti akupitiriza sukulu, poti ngakhale wotenga mimba ndondomeko ya boma imamulola kubwerera akabereka.

Pa nkhani ya mtsikana uja, apolisi atafika, makolo anakana kupereka umboni, ati nkhani inatha kale ndipo mbuzi inadyedwa. Mtsikanayo anamutumiza kwa azakhali ake ku Luchenza, ndipo m'kaundula wa Sitandade 8 chaka chotsatira dzina lake munalibe.