Pichi deki ya filimu ya nkhani zenizeni: muikemo chiyani?

Ndikufuna kujambula filimu ya kuphwa kwa nyanja ya Chilwa, ndipo opereka ndalama akuti nditumize pichi deki, chikalata cha masamba ochepa chofotokoza filimuyo mwachidule. Ndiyambire pati?

Yambirani pa munthu, nyanja ibwere pambuyo. Tsamba loyamba likhale ndi dzina la filimu, chithunzi chimodzi chojambula nokha, ndi chiganizo chonyamula nkhani yonse. Mukangolemba kuti "filimu ya kusintha kwa nyengo ku Zomba", wowerenga sapeza pogwira, poti mitu yotere amailandira yambirimbiri. Koma tiyerekeze mwalemba chonchi: "Mayi wogulitsa matemba padoko la Kachulu, amene anaona nyanja ikuphwa mu 1995 ndi mu 2018, akusinkhasinkha zogula bwato kapena kusamuka madzi asanathenso." Apa pali munthu, chimene akufuna, ndi chimene angataye. Masamba enawo ntchito yawo ndi kutsimikizira chiganizo chimenechi.

Nanga poti mathero sindikuwadziwa?

Musapeke. Patsamba lofotokoza nkhani, lembani zimene mwaona kale ndi maso anu: mayiyo akuyanika matemba pathandala mamawa, akukangana ndi mwana wake za ngongole. Kenako nenani zimene mukudikira, monga nyengo yotseka nyanja ndi kubwera kwa mvula, ndi mmene filimu idzayendere madzi akabwerera kapena akapanda kubwerera. Onjezani tsamba la maonekedwe a filimuyo: kodi kamera izingomutsatira mayiyo mwakachetechete, kapena azikhala pansi n'kumayankha mafunso?

Chimene ine ndimaona kuti chimagwetsa ambiri ndi chilolezo. Wopereka ndalama amafuna kudziwa ngati mayiyo wavomera kujambulidwa, ngati akumvetsa kumene filimu ikaonetsedwe, komanso kuti mwakhala mukucheza naye kwa nthawi yaitali bwanji. Deki yodzaza ndi zithunzi zotola pa intaneti imaulula yokha kuti ku Kachuluko simunapondeko. Ngati muli ndi kavidiyo ka mphindi ziwiri kapena zitatu, ikanimo linki yake, ndipo mayiyo amveke akulankhula yekha.

Za ndalama ndilembe zonse?

Mu deki mukhale manambala ochepa: mtengo wa filimu yonse, zimene mwapeza kale ndi kumene zachokera, ndi zimene mukupempha. Nenani gawo limene ndalamazo zikagwire, kaya ndi kafukufuku, kujambula kapena kulumikiza zithunzi, chifukwa mathumba monga IDFA Bertha Fund ya ku Amsterdam amasiyanitsa thandizo lokonzekera ndi lopangira filimu. Bajeti yatsatanetsatane itumizeni payokha. Mu dekimo ikaninso miyezi yogwirira ntchito, maina a anzanu ndi zimene anajambulapo, ndi kumene filimu ikaonetsedwe, kuphatikizapo ku Kachulu komweko.

Ikhale ya masamba angati?

Pakati pa 10 ndi 15 ndi okwanira, mu PDF yosalemera, yoti itseguke msanga ngakhale pafoni.