Mbale wanu akagonekedwa m'chipatala kuno ku Joni, abwana ake muwalembere chiyani?

Pa ntchito yanga yolangiza anthu za malamulo a ntchito kuno ku Joni, nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya munthu amene watuluka m'chipatala ali wofooka, n'kukapeza kuti pamalo pake palembedwa wina. Mukafufuza, mumapeza kuti masiku onse amene iye anali gone m'wodi, abale ake anali kalikiliki ndi phala, zovala ndi ndalama ya takisi, koma palibe amene anauza abwana. Kwa bwana, munthu amene wasowa sabata yathunthu osanena kanthu wathawa ntchito. Wodwala ali pa diripi, foni yake yazima kapena ili m'chikwama chanu. Ndiye woti ayankhule ndinu.

Mwezi wina anabwera kwa ine mayi wina wa ku Mangochi amene amakhala ku Rosettenville. Mchimwene wake amagwira ntchito yolongedza katundu pa kampani ina, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo anali atagwirapo zaka ziwiri. Anagonekedwa Lamulungu usiku. Mayiyo anafika Lachiwiri m'mawa, manja akunjenjemera, atalemba kale uthenga wautali pa foni koma asanatumize. Munali kupepesa kambirimbiri, dzina la matenda, ndi mawu akuti, "Akachira mwina timutumiza kumudzi akapume." Ndinati, "Achemwali, musatumize kaye. Tikhale pansi."

Tinalemba ina, ya Chingerezi chosavuta, yomwe m'Chichewa inkanena izi: "Bwana, ine ndine mlongo wake wa wantchito wanu uje, nambala yake ya kuntchito ndi iyi. Ndikukudziwitsani kuti anagonekedwa m'chipatala chakuti Lamulungu usiku, pa tsiku lakuti, ndipo sangathe kubwera kuntchito kapena kukuimbirani yekha. Madokotala sananene tsiku lotuluka. Ndikupempha kuti masiku amenewa muwawerengere ngati tchuthi cha matenda. Kalata ya dokotala ndikutumizirani ikangopezeka, ndipo ndidzakuuzaninso mmene zilili Lachisanu. Nambala yanga ndi iyi. Chonde ndiyankheni kuti mwalandira." Basi.

Mawu akuti tchuthi cha matenda sitinawaike mongokometsera. Lamulo la ntchito la dziko lino la mu 1997, limene limadziwika mwachidule kuti BCEA, limapatsa wantchito masiku odwala olipidwa ofanana ndi amene amagwira m'masabata 6, pa miyezi 36 iliyonse ali kwa bwana mmodzi. Wogwira masiku 5 pa sabata ali ndi masiku 30, wogwira masiku 6 ali ndi 36. Mchimwene uja anali atagwiritsapo kale masiku 4, choncho anatsala ndi 26. Anakhala m'chipatala ndi kunyumba masabata atatu, omwe ndi masiku 15 a ntchito, ndipo onsewo anayenera kulipidwa. Koma amene sanakwanitse miyezi 6 pantchito, zake n'zochepa: tsiku limodzi lokha pa masiku 26 aliwonse amene wagwira. Ogwira ntchito m'nyumba ndi m'magadeni a anthu nawonso ali ndi tchuthi chimenechi, ngakhale ambiri amaganiza kuti n'cha a m'makampani okha.

Lamulo lomwelo limapatsanso bwana mphamvu. Wantchito akajomba masiku opitirira awiri otsatizana, bwana angathe kupempha kalata ya dokotala, ndipo ikapanda kubwera angathe kusalipira masikuwo. Apa m'pamene abale ambiri amapunthwa. Amajambula khadi la kuchipatala, kapena kalamba kapulasitiki ka pamkono wa wodwala, n'kutumiza, n'kumati nkhani yatha. Zimenezo zimathandiza tsiku loyamba posonyeza kuti simukunama, koma si kalata imene lamulo likunena. Yofunikayo imasainidwa ndi dokotala kapena wachipatala wina wovomerezeka kuyeza ndi kuchiza odwala, ndipo imanena kuti munthuyu sangathe kugwira ntchito kuyambira tsiku lakuti kufika tsiku lakuti. Ipempheni kwa anamwino a m'wodi wodwala akadali momwemo, musadikire tsiku lotuluka pamene aliyense ali pa liwiro. Mukailandira yang'anani zinthu ziwiri musanachoke: dzina lilembedwe mofanana ndi mmene lilili pa mapepala a kuntchito, ndipo masiku aphatikizepo opumula kunyumba akatuluka. Ndaonapo kalata yonena za masiku a m'wodi okha, sabata ya kunyumba n'kudulidwa pa malipiro.

Tsopano zimene tinachotsa mu uthenga wa mayi uja. Dzina la matenda tinalifufuta. Bwana ayenera kudziwa kuti munthu sangagwire ntchito, osati chimene chikumudya m'thupi, ndipo ngakhale dokotala salemba dzina la matenda pa kalata popanda chilolezo cha wodwala. Ife abale, chifukwa cha mantha, timafuna kukhuthula zonse kuti abwana amve chisoni. Koma matendawo ndi a mwiniwake. Akadzadzuka ndiye adzasankhe wouza, makamaka ngati ndi matenda amene anthu amasalana nawo. Abwana akakufunsani, yankhani mwaulemu kuti zimenezo adzafotokoza yekha.

Mawu a kumudzi aja ndiwo anali oopsa koposa. Inu mulibe mphamvu yosiyitsa mbale wanu ntchito, komabe bwana amene akufuna kumuchotsa adzasunga uthengawo n'kudzati banja linanena lokha kuti sabweranso. N'chimodzimodzi kulonjeza tsiku. Mukalemba kuti abwera Lolemba likubwerali, Lolembalo n'kufika iye akadali pabedi, mwapanga kujomba kwatsopano ndi dzanja lanu. Palinso chizolowezi chathu chotumiza msuweni kuti akagwirizire malo. Ndimamvetsa, lendi sidikira, koma musachite zimenezi abwana asanavomere molemba kuti ndi kwa kanthawi, chifukwa wogwirizira uja nthawi zina ndiye amatsala.

Chinthu chimodzi chokha chokhudza matenda chimene muyenera kunena ndi ichi: ngati anavulala ali pantchito, lembani tsiku, malo ndi mmene zinachitikira. Kuvulala pantchito kuli ndi lamulo lake la chipukutamisozi, ndipo masiku ake sachotsedwa pa masiku 30 aja.

Tumizani kwa amene amayang'anira wodwalayo tsiku ndi tsiku, ndiponso ku ofesi yoona za antchito ngati ilipo. WhatsApp ndi yokwanira, imelo ndi yabwino koposa, koma kuimba foni kokha ayi, pakuti mawu apakamwa amakanidwa. Jambulani uthengawo poonekera tsiku ndi nthawi, musunge pa foni ina. Ngati mwapereka pepala pamanja, mukhale ndi lachiwiri loti wolandirayo asaine.

Umboni umenewu umagwira ntchito zinthu zikavuta. Bwana saloledwa kuchotsa munthu chifukwa chongodwala popanda kufufuza kaye kuti adwala nthawi yaitali bwanji, kumumva mbali yake, ndi kuona ngati pali njira ina. Akamuchotsa, wantchito ali ndi masiku 30 okha oti akadandaule ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya antchito ndi mabwana awo, kuwerengera kuyambira tsiku lochotsedwa, ndipo kudandaula kumeneko n'kwaulere. Mlendo nayenso amamvedwa kumeneko.

Mayi wa ku Rosettenville uja anatumiza uthenga wake Lachiwiri lomwelo isanakwane 10 koloko. Abwana anayankha madzulo ndi mawu awiri okha osonyeza kuti alandira. Lachisanu analembanso monga analonjezera, ataphatikizapo chithunzi cha kalata ya dokotala, ndipo kalata yeniyeniyo anaisunga m'pulasitiki mpaka mchimwene wake anakaipereka yekha tsiku limene anabwerera kuntchito.